Msana wa Buku Unameza a Hilarión

Mayi Zenobia Ticona sankawerenga mabuku amene ankakonza, ndipo zimenezi sankabisa, ankachita kunyadira. Wophunzira akalowa m'kashopu kawo koyang'anana ndi chipata cha yunivesite kuno ku Oruro, n'kuyamba kufotokoza kuti kafukufuku wake ndi wa chiyani, iwo ankamudula pakamwa.

"Zimenezo ukawauze aphunzitsi ako, mwanawe. Ine ndimaona m'mphepete basi. Ndipatse kuno."

Ankatero akufinya maso, tsamba lili pakompyuta, kuyang'ana maonekedwe ake okha ngati mmene telala amayang'anira thupi la munthu osafunsa kuti kwawo n'kuti. Mabuku a madokotala, a maloya, a akatswiri a migodi, onse anadutsa m'manja mwawo, koma mutawafunsa kuti limodzi mwa iwo linkanena chiyani, akanakusekani.

Kwawo kunali kumudzi, kufupi ndi chigwa cha mchere, kumene mphepo imang'amba milomo. Ali mtsikana, mchimwene wawo wamkulu, a Hilarión, anagulitsa ziweto zawo za llama n'kuwagulira makina otayipira, kenako n'kuwakweza basi. Anangoti, "Iwe Zeno, zala zakozi si za khasu. Pita." Anali munthu wosachuluka mawu, wokonda kuima kumbuyo kwa anzake, ndipo akaona wojambula zithunzi ankazemba ngati waona wokhometsa msonkho.

Masiku a makina otayipirawo anali a misozi. Tsamba la zam'katimu ankalitayipa pamanja, kadontho ndi kadontho mpaka kukafika pa nambala, ndiye mphunzitsi akawonjezera ndime imodzi yokha, manambala onse ankasokonekera, ntchito n'kuyambiranso. Choncho kompyuta itabwera, anzawo akuiopa, mayi Zenobia anaikumbatira. Anazindikira msanga chimene ophunzira ambiri mpaka lero sachimva, chakuti kukulitsa zilembo ndi kuzidetsa sikupanga mutu. Kompyuta ilibe maso, uyenera kuiuza kuti uwu ndi mutu waukulu wa chaputala, uwu ndi mwana wake, aka ndi kamdzukulu. Ukaiuza, imatolera yokha mitu yonse n'kuiyala pa tsamba la zam'katimu, uliwonse ndi nambala ya tsamba lake. Chimodzimodzi mawu a m'munsi mwa zithunzi: nambala sulemba ndi dzanja, umaisiyira kompyuta, kuti ukachotsa chithunzi chimodzi zotsalazo ziwerengedwenso mwadongosolo.

Koma nkhani yaikulu inali mpata wa kumanzere. Masentimita anayi, kuti wosoka buku akaboola ndi kusoka asadye mawu. Mbali zina zonse awiri ndi theka. Ku laibulale kuli mayi Albertina, amene ophunzira amangowatchula kuti Mayi Rula, chifukwa buku lililonse amalilandira pawindo lawo, rula yachitsulo ili m'manja. Anthu akuluakulu a ndevu zawo anabwezedwapo pawindo limenelo chifukwa cha kampata kochepa ngati chikhadabo. Koma buku la mayi Zenobia silinabwererepo. Imeneyi ndiyo inali digiri yawo, ndipo ankayenda nayo mutu uli m'mwamba.

Ndiye kunabwera buku la Noemí.

Noemí anali mwana wa a Hilarión, ndipo ankaphunzira za ulimi. Kafukufuku wake anali wa zitsime za kumudzi kwawo. Ali mkati molemba, bambo ake anadwala chifuwa n'kumwalira, iye n'kusiya zonse kukathandiza amayi ake kuweta. Kuno mutu wa kafukufuku ukavomerezedwa umakhala ndi nthawi yake, ikatha umafa, ndipo munthu amayambiranso ndi mutu wina. Noemí anali atapempha kale kumuwonjezera nthawi chifukwa cha maliro, ndipo kawiri sawonjezera. Tsiku lomaliza linali Lachisanu lotsekera chaka. Mabuku atatu omata bwino akapanda kulandiridwa pawindo la mayi Albertina tsiku limenelo, basi zatha.

"Zikakanika, azakhali, ine ndikubwerera kumudzi," anatero Noemí. "Mphamvu zoyambiranso ndilibe."

"Usandinyoze iwe. Buku langa linakanikapo liti?"

Chaka chimenecho a dipatimenti ya zaulimi anali atasintha lamulo pofuna kusunga mapepala: mabuku azisindikizidwa mbali zonse ziwiri za pepala. Mayi Zenobia anamva, anagwedeza mutu, ndipo pa tsiku losindikiza anauzadi makina kuti azilemba kuseri ndi kumaso. Lachitatu madzulo Noemí anakhala pakompyuta kuwerenga komaliza, iwo ali kunja kumwa api wotentha, chakumwa cha chimanga. Atabwerera anakonzanso tsamba la zam'katimu, anasindikiza, n'kupereka mulu wonse kwa bambo Gumersindo, wosoka mabuku wa khomo loyandikana nalo.

Lachisanu m'mawa bambo Gumersindo analowa atanyamula mabuku atatu obiriwira, zilembo zagolide zikunyezimira pachikuto.

"Onani ana anga awa, mayi Zeno! Ngakhale Mayi Rula akawaona amwetulira, mano awo tiwaone koyamba."

Amayi ake a Noemí, mayi Fortunata, anali atafika ndi basi ya m'bandakucha. Anakhala pabenchi pafupi ndi chitseko, chipewa chili pamutu, nsalu yakumsana ili pamiyendo. M'nsalumo munali mabotolo a mowa wothira pansi pothokoza, ndi timapepala tamitundumitundu towaza pamutu pa mwana akapambana. Kuwerenga sankadziwa, koma chimene anadzera ankachidziwa bwino.

"Noemí, unati bambo ako alimo m'bukumu. Tandionetsa."

Noemí anaseka, anatsegula kutsogolo pa mndandanda wa zithunzi, anayendetsa chala mpaka pa Chithunzi 14, n'kuvundukula tsamba 58. Kuseka kuja kunathera pomwepo. Anakanikiza buku ndi chikhato. Analipendeketsa n'kusuzumira m'kati mwa msana ngati munthu wofuna ndalama imene yagwera m'ng'alu.

"Azakhali."

Mawu akewo anali oti mayi Zenobia anangosiya kapu n'kubwera. Tsamba 58 linali la kumanzere. Panali chithunzi cha anthu ataima pambali pa chitsime, ndipo m'munsi mwake munalembedwa kuti, Chithunzi 14. Komiti ya zitsime, kuchokera kumanzere kupita kumanja, kenako mayina asanu ndi limodzi. Dzina lomaliza linali Hilarión Ticona. Koma anthu ooneka anali asanu. Kumanja kwenikweni, pamene tsamba limalowa mu msana wa buku, kunkaoneka phewa la jekete ndi mlomo wa chipewa basi.

Mayi Zenobia anatsegula tsamba lina la kumanzere, kenako lina, kenako lina. Onse anali chimodzimodzi: mpata waukulu uja wa masentimita anayi unali kunja, kumene kulibe ntchito, pamene mawu anali atapanikizana ndi ulusi. Anazindikira nthawi yomweyo. Pepala ukalitembenuza, msana wa buku umakhala kumanja kwake. Posindikiza mbali ziwiri uyenera kuiuza kompyuta kuti mipata iziyang'anizana, waukuluwo uzikhala mkati nthawi zonse. Iwo anali atagwiritsa ntchito muyeso wawo wakale, umene dzanja lawo linkaudziwa ngakhale ali m'tulo.

"Koma ngakhale zili choncho," anatero mayi Zenobia, "mawu akuwerengeka. Chithunzichi chafika bwanji mpaka mu ulusi? Ine ndinachisiya cholingana ndi mizere."

Noemí anayang'ana pansi. "Ndinachikulitsa ndine Lachitatu lija. Nkhope ya ababa inkaoneka yaing'ono kwambiri. Ndinangochikoka pang'ono."

"Pang'ono! Unachikoka mpaka kutuluka m'malire, osandiuza? Ndani anakuuza kuti ugwire ntchito yanga?"

"Nanga inu simunachione bwanji? Si inu mumati mumaona m'mphepete? Masabata onsewa buku lili m'manja mwanu, azakhali, simunadziwe n'komwe kuti achimwene anu alimo!"

Mawu amenewo anabaya, chifukwa anali oona. Mayi Zenobia anali atachiika okha chithunzicho pamalo pake, anachipatsa nambala, anachimangirira ku mawu ake a m'munsi kuti zisasiyane masamba, koma nkhope za anthuwo sanaziyang'ane. Kwa iwo chinali kabokosi kofunika kuwongola. Manyazi anawagwira mpaka m'makutu munatentha.

Anatenga bukulo n'kulikanikiza patebulo ndi manja onse awiri mpaka msana unalira kuti tswa. Munatuluka theka la nkhope: diso limodzi lofinyidwa ndi dzuwa, tsaya lotupa ndi masamba a koka amene ankatafuna. Chiikireni maliro anali asanaonenso nkhope imeneyo.

"Ee, ee, mundithyolera mwana!" anakuwa bambo Gumersindo, n'kulanda bukulo. Analitembenuza uku ndi uku, akukanda m'mutu. "Tamverani, amayi inu. Lero ndi tsiku lomaliza, pawindo paja pali mzere ngati wa ogula gasi. Mwina Mayi Rula angoyeza tsamba loyamba n'kudinda. Pitani nawo momwemu. Madzi akatayika saoleka."

"Akayeza la kumanzere?" anafunsa Noemí.

"Ndiye kuti tsoka, silinunkha."

"Nanga tikasindikizanso?"

Bambo Gumersindo anapumira m'mwamba. Anafotokoza kuti zikuto zatsopano sizingatheke, kudinda zilembo zagolide n'kwa tsiku lathunthu. Njira inalipo imodzi: kudula mabuku atatuwo, kuchotsa mapepala, kupala zikuto, n'kumatamo atsopano. Ndipo kudulako kunayenera kuyamba nthawi yomweyo, makina akusindikiza, osadikira kuti aone ngati zitheka.

"Ndikalowetsa mpeni, kubwerera kulibe," anatero. "Magetsi akathima, kapena makina akatafuna pepala, mutsala ndi zikuto zopanda kanthu. Ndiponso guluu amafuna kugona usiku wonse pa chopanikizira. Ine ndanena, musadzati sindinanene."

Kunja gulu la ophunzira linali litayamba kuyeserera magule a chikondwerero, malipenga akulira chapatali. Noemí anakumbatira mabuku awiri pachifuwa, misozi ikutsika.

"Tiyeni tingopereka," anatero. "Ababa akanafuna kuti ndimalize. Iwo zithunzi sankazikonda n'komwe."

Mayi Zenobia anayang'ana mabuku aja. Digiriyo inali ya mwana, ndipo amene anaiika pangozi anali iwo. Akanamuuza bwanji kuti aike pachiswe chimene chatsala?

Amene analankhula anali mayi Fortunata, osadzuka pabenchi paja.

"Ine za mabuku sindizidziwa, alamu. Koma bambo ake a mwanayu tinawakwirira kamodzi. Zowakwirira kawiri, ine ayi."

Noemí anawayang'ana amayi ake nthawi yaitali. Kenako anapukuta nkhope ndi mkono wa juzi, anaika mabuku patebulo, n'kuwakankhira kwa bambo Gumersindo.

"Dulani."

Mpeni utalowa m'chikuto choyamba, mayi Zenobia anali atakhala kale pakompyuta. Anasintha mipata kuti iziyang'anizana: mkati anayi, kunja awiri ndi theka. Mtima unatsikako pang'ono, chifukwa m'lifupi mwa mizere simunasinthe, choncho mawu sanasunthe, tsamba lililonse linangokhala ndi zimene linali nazo. Anayang'ana zithunzi zonse chimodzichimodzi, ulendo uno ndi maso otsegula, kuona ngati pali china chotuluka m'malire. Panalibe. Anafika pa Chithunzi 14, n'kuchibweza kuti chilingane ndi mizere.

A Hilarión anaonekera athunthu, ataima potalikirako ndi anzawo, manja ali kumbuyo, ngati munthu amene akudikira mpata woti azembe. Koma anali akadali mbali ya ku msana, kumene tsamba limapindikira mumdima. Mayi Zenobia anachiyang'ana chithunzicho, dzanja lili pa mbewa ya kompyuta, osasindikiza.

"Azakhali, nthawi!" anatero Noemí. "Mukudikira chiyani?"

"Ndikufuna ndiwasamutse. Apite tsamba 59."

"Chiyani? Akuoneka kale! Mukasuntha chimodzi zonse zisokonekera!"

"Pa tsamba la kumanja, kumanja kwa chithunzi ndi kunja. Munthu akamavundukula buku, woyamba kumuona akhala iwo. Moyo wawo wonse anakhala kuseri kwa anthu, mwanawe. Ndisiye."

Kutembenuza chithunzi kuti wa kumanja akhale kumanzere sakanatha, limenelo likanakhala bodza, chitsime chikanaima mbali imene sichili. Kungochikankhira kutsogolo nakonso kukanasiya theka la tsamba 58 lili mbee, ndipo mayi Albertina amadana ndi malo opanda kanthu. Choncho anatenga ndime ziwiri zimene zinali pansi pa chithunzi n'kuzikweza pamwamba pake. Mawu anadzaza tsamba 58, ndipo chithunzi chinatsetserekera pamwamba pa 59 pamodzi ndi mawu ake a m'munsi. Nambala yake sinasinthe, chifukwa sichinadumphe chithunzi china.

Koma kutsogolo zinthu zinagwedezeka. Kamutu ka 3.5 kanachoka pa tsamba lake n'kupita lotsatira, ndipo mizere ingapo ya kumapeto kwa chaputala inasefukira pa tsamba latsopano. Noemí anagwira pakamwa. Chaputala chachinayi chikasuntha, ndiye kuti theka la buku lasuntha, matebulo aduka pakati, ndipo zonsezo n'zofunika kuziyang'ananso. Mayi Zenobia anatsitsa tsamba pang'onopang'ono, thukuta lili pamphuno ngakhale kunkazizira. Chaputala chilichonse ankachiyambitsa pa tsamba la kumanja, ndipo kumapeto kwa chachitatu kunali tsamba lopanda kanthu lodikirira. Mizere yosefukirayo inagwera pamenepo. Chaputala chachinayi sichinasunthe.

"Mwayi wa nzama," anang'ung'udza. Anauza kompyuta kuti ikonzenso tsamba la zam'katimu, mndandanda wa zithunzi ndi wa matebulo, anatsimikiza ndi maso kuti Chithunzi 14 chalembedwa 59, n'kuyamba kusindikiza.

Makina a zilembo zakuda amathamanga, koma masamba a zithunzi ankatuluka pa makina a mitundu, amene amayenda ngati nkhalamba yokwera phiri. Noemí anaima pamenepo akulandira pepala lililonse, kuliuzira kuti inki iume, n'kuliika pamalo pake. Dzuwa linafika pamutu n'kuyamba kupendeka. Mayi Fortunata anatuluka n'kubwera ndi tizitumbuwa ta nyama totentha, koma palibe anadya. Pakati pa buku lachitatu makina anatafuna pepala. Mayi Zenobia anatsegula chivindikiro, analikoka mofatsa, akulankhula nawo makinawo ngati mwana wodwala: "Iwe, usanditero lero. Mawa ufe, lero ayi." Pepala linatuluka lonse, osasiya kachidutswa, ndipo makina anapitiriza.

Kuseri kwa khoma kunkamveka chiboolero cha bambo Gumersindo. Mulu uliwonse ukakwana, Noemí ankathamanga nawo. Bamboyo ankaugunditsa patebulo kuti ulingane, kuboola, kusoka, kupaka guluu, n'kuulowetsa m'chikuto chakale, akutukwana chapansipansi.

"Zaka zonsezi sindinatulutsepo buku lonyowa. Mukakumana ndi anthu musanene kuti ndasoka ndine!"

Buku lomaliza linangokhala pa chopanikizira nthawi yomwera kapu ya tiyi. Analikulunga m'nyuzipepala pamodzi ndi anzake. "Muwanyamule chogoneka, muwapanikize. Ndipo musawatsegule kwambiri, ndapota nanu."

Chipata cha yunivesite chili pafupi, koma laibulale ya a zaulimi ili kumapeto kwenikweni, ndipo msewu unali utadzaza ndi ovina. Mayi Zenobia, amene sanaperekezepo wophunzira aliyense pawindo lija, anatseka shopu n'kutsogola, akukankha anyamata a malipenga ndi chigongono. Noemí ankatsatira mabuku ali pachifuwa, mayi Fortunata pambuyo, mabotolo akugundana kumsana.

Anapeza mlonda akukoka chitseko. Anawalowetsa chifukwa choona chipewa ndi imvi za mayi Fortunata. Kutsogolo kwawo kunali mnyamata mmodzi, amene anachoka pawindo atanyamula mabuku ake, maso ali psuu. Anali atabwezedwa.

Mayi Albertina anasuzumira pamwamba pa magalasi. "Mayi Zenobia? Mpaka kubwera nokha? Kwagwanji?" Ananunkhiza m'mwamba. "Guluu ameneyu ndi wa lero."

"Lamulo silinena za fungo, mayi."

"Silinenadi."

Anatsegula buku loyamba n'kugoneka rula pa tsamba la kumanja. Kenako, osathamanga, anaigoneka pa la kumanzere, kuyeza kuchokera mkati. Noemí anatseka maso. Mabuku a m'mawa aja akanafera pomwepa. Mayi Albertina anabwerera pa tsamba la zam'katimu, anasankha kamutu kamodzi, n'kukafufuza ngati kalidi pa tsamba lolembedwalo. Kanalipo. Anasankha kena, ka 3.5 komwe kaja. Nako kanalipo. Anayeza buku lachiwiri ndi lachitatu. Kenako anatsegula mndandanda wa zithunzi, n'kuyendetsa nsonga ya rula mpaka inaima.

"Chithunzi 14, tsamba 59."

Bukulo, pokhala longosokedwa kumene, linkafuna kudzitseka, choncho analipanikiza ndi dzanja lamanja m'mphepete mwa tsamba. Anawerenga mayina a m'munsi. Kenako anayamba kuloza anthu ndi rula, mmodzimmodzi, n'kukwinya nkhope.

"Mayina ndi asanu ndi limodzi. Anthu ndikuona asanu."

Mayi Zenobia anali ataona okha pepalalo likutuluka m'makina. Kodi m'chipwirikiti chija Noemí anasakaniza tsamba lakale? Kodi anasindikiza buku lolakwika?

Mayi Fortunata anasendera pawindo, anatalikitsa khosi, n'kuloza ndi mlomo.

"Pepani mayi, tachotsani chala chanucho. Mwagwira amuna anga."

Mayi Albertina anayang'ana dzanja lawo. Ananyamula chala chachikulu, ndipo pansi pake panali a Hilarión, chipewa chili pamutu, manja kumbuyo, kunja kwenikweni kumene kuwala kwa pawindo kunkagwera. Mayi Rula anawayang'ana kanthawi, n'kuyang'ananso mayi wachipewayo.

"Ndi amuna anu?"

"Anali. Chitsime chimenecho anakumba ndi iwo. Mwanayu ndi wawo."

Mayi Albertina anapukuta pamene panali chala chawo ndi m'mphepete mwa mpango, ngakhale panalibe litsiro. Anatseka bukulo mosamala, anakoka chidindo, n'kudinda pa pepala la Noemí. Mano awo sitinawaone, bambo Gumersindo ananama, koma anati, "Muwagoneke pansi pa mabuku olemera awa, aume bwino," ndipo anawaika okha.

Panja Noemí anakhala pansi pa masitepe n'kulira mokweza ngati kamwana. Amayi ake anamasula nsalu, anamuwaza timapepala tija m'tsitsi mpaka mutu wonse unali mitundumitundu, anatsegula botolo n'kuthira mowa pansi, akutchula dzina la mwamuna wawo. Anawazanso mayi Zenobia, amene anangoima, osaseka, osalira.

Atabwerera kushopu anapeza bambo Gumersindo ataunjika mapepala a mabuku odulidwa aja pakhomo, kuti apite kwa ogula mapepala akale. Mayi Zenobia anatolapo mulu umodzi, wa mabowo a ulusi m'mphepete, n'kuugunditsa patebulo kuti ulingane.

"Amenewo ndi olakwika, azakhali," anatero Noemí. "Mutani nawo?"

"Ndiwerenge."

"Inu? Kuwerenga?"

"Ukuseka chiyani? Ndikufuna ndidziwe kuti achimwene anachikumba bwanji chitsimecho." Anavala magalasi, anakoka mpando, n'kutsegula tsamba loyamba. "Ndipo usapite patali. Pamene sindikumva ndizikufunsa."